Kusuluka kwa vidiyo ya gemu: mmene 16 ndi 235 zimasokonezera ojambula

Munthu amene amajambula gemu imene akusewera, kapena kuiulutsa pompopompo pa YouTube ndi Twitch, nthawi zambiri amadabwa kuona kuti chithunzi chimene chinali chowala bwino pa TV yake chatuluka chosuluka pa vidiyo, malo amdima atasanduka otuwa, zoyera zitazilala, ndipo mitundu yonse ikuoneka ngati yaphimbidwa ndi utsi. Ambiri amaloza chala khadi lojambulira kuti ndi lotchipa, ena amati intaneti ndiyo yofooka, pamene ena amathamangira kuwonjezera mphamvu ya mitundu m'pulogalamu yojambulira. Komabe gwero la vutoli kawirikawiri limakhala laling'ono ndiponso lotheka kuliyeza ndi manambala. Pali njira ziwiri zowerengera kuwala m'chithunzi cha makina, ndipo chithunzi chimasuluka pamene chipangizo chotumiza chalemba manambala m'njira imodzi koma cholandira chawawerenga m'njira inayo. Ntchito ya wojambula ndiyo kupeza malo amene kusamvanaku kwachitikira ndi kukonza pomwepo.

Milingo iwiri ya kuwala

Chithunzi cha pa sikirini chimapangidwa ndi timadontho tating'ono totchedwa mapikiselo, ndipo pikiselo iliyonse imasunga manambala atatu osonyeza kuchuluka kwa kufiira, kubiriwira ndi kubuluu, dongosolo limene limalembedwa mwachidule kuti RGB. M'mavidiyo ambiri nambala iliyonse mwa atatuwa imapatsidwa mabiti 8, kutanthauza kuti ingathe kukhala pa sitepe iliyonse mwa masitepe 256, kuyambira pa 0 mpaka pa 255. Makompyuta amagwiritsa ntchito masitepe onsewa, kotero kuti 0 amaimira kuda bii ndipo 255 amaimira kuyera mbee. Umenewu ndiwo mulingo wathunthu, umene pa sikirini umalembedwa kuti Full.

Mavidiyo a wailesi yakanema, mafilimu a pa DVD ndi Blu-ray, komanso pafupifupi mavidiyo onse a pa intaneti amatsata mulingo wina, umene umaika kuda bii pa 16 ndi kuyera mbee pa 235, n'kusiya masitepe a pansi ndi a pamwamba opanda ntchito yoonekera. Umenewu ndiwo mulingo wochepetsedwa, umene umalembedwa kuti Limited, ndipo m'mapulogalamu ena akale umalembedwa kuti Partial. Uli ndi masitepe 220 okha. Mavidiyowa sasunganso manambala a RGB mwachindunji, koma amalekanitsa nambala ya kuwala, yotchedwa Y, ndi manambala awiri a mtundu, otchedwa Cb ndi Cr, amene malire ake ndi 16 ndi 240. Pa vidiyo ya mabiti 10 mfundo yake ndi yomweyo, kungoti kuda kumakhala pa 64 ndipo kuyera pa 940.

Mulingo wochepetsedwa si cholakwika cha opanga zipangizo. Unakhazikitsidwa mu 1982 m'chikalata cha malamulo a vidiyo chodziwika kuti Rec. 601, pa nthawi imene nyumba zoulutsira zithunzi zinkasamutsa ntchito yawo kuchoka pa mafunde a magetsi kupita pa manambala, ndipo unapitirizidwa mu Rec. 709 ya 1990, imene imalamulira vidiyo ya HD mpaka lero. Mafunde a magetsi amakonda kupyola malire pang'ono pamene chithunzi chasintha mwadzidzidzi kuchoka pakuda kupita poyera, choncho akatswiri anasiya mpata pansi pa 16 ndi pamwamba pa 235 kuti kupyolako kusadulidwe, ndipo manambala 0 ndi 255 anawasungira zizindikiro zoyendetsera nthawi pa zingwe za m'nyumba zoulutsira. Makompyuta analibe chifukwa chosiyira mpata woterewu. Vidiyo ya gemu imakhala pa mphambano ya miyambo iwiriyi, chifukwa gemu imajambulidwa ndi makina mu RGB ya mulingo wathunthu, koma imafika kwa oonera ili vidiyo ya mulingo wochepetsedwa.

Kusuluka ndi kuphwanyika

Kusintha chithunzi kuchoka pa mulingo wathunthu kupita pa wochepetsedwa kumatsata lamulo limodzi la masamu, ndipo kubwerera kumatsata lamulo lomwelo litatembenuzidwa:

```
Limited = 16 + Full × 219 / 255
Full    = (Limited − 16) × 255 / 219
```

Malinga ndi lamuloli, 0 amasanduka 16, 128 amasanduka 126, ndipo 255 amasanduka 235. Ngati chipangizo chomaliza chikudziwa kuti chalandira mulingo wochepetsedwa, chimatambasulanso manambalawo kubwerera pa 0 mpaka 255, ndipo diso silitha kuona kusiyana kulikonse ndi chithunzi choyambirira. Motero milingo yonse iwiri imapereka kuda kofanana ndi kuyera kofanana ikawerengedwa moyenera, ndipo maganizo ofala akuti Full ali ndi mitundu yowala kuposa Limited alibe maziko.

Kusuluka kumabadwa pamene chithunzi cha mulingo wochepetsedwa chawerengedwa ngati cha mulingo wathunthu. Nambala 16, imene inayenera kukhala kuda bii, imaonetsedwa ngati kutuwa kwakuda, ndipo 235 imaonetsedwa ngati kuyera kozilala. Zili ngati sikelo ya pamsika imene muvi wake waima pa nambala ina musanaikidwe kalikonse m'mbale, kotero kuti chilichonse choyezedwapo chimanamiziridwa kulemera. Mitundu nayo imafooka, chifukwa kusiyana pakati pa manambala atatu aja kumachepa ndi magawo pafupifupi 14 pa 100 alionse. Udzu wa m'bwalo la gemu ya mpira umene unali ndi manambala 40, 140 ndi 50 umasanduka 50, 136 ndi 59, ndipo kusiyana kwa kubiriwira ndi kufiira, kumene kunali 100, kumatsika kufika pa 86. Udzuwo umakhalabe wobiriwira, koma umaoneka ngati wagwidwa ndi fumbi.

Cholakwika chotsutsana nacho chimachitika pamene chithunzi cha mulingo wathunthu chawerengedwa ngati cha mulingo wochepetsedwa, ndipo ojambula amachitcha kuphwanyika kwa mdima. Chipangizo chowerenga chimatambasula manambala amene sanapanikizidwe n'komwe, choncho chilichonse cha pakati pa 0 ndi 16 chimasanduka 0, chilichonse cha pakati pa 235 ndi 255 chimasanduka 255, ndipo nambala ngati 30 imagwa kufika pa 16. Mdani wobisala pa mthunzi amene anali pa 10 amamezedwa ndi mdima, ndipo mitambo yowala imasanduka chigamba choyera chopanda mizere. Cholakwika chimenechi ndi choopsa kuposa kusuluka pa zifukwa ziwiri: poyamba chimakopa diso, chifukwa chithunzi chimaoneka chakuthwa ndi chamitundu yamphamvu, ndipo chachiwiri, masitepe amene adulidwa akalowa m'fayilo sabwereranso. Wojambula amene akuthawa kusuluka amagwera m'dzenje limeneli mosavuta akamangosinthasintha mabatani mpaka chithunzi chimusangalatse.

Mfundo za m'njira ya chithunzi

Chithunzi cha gemu yoseweredwa pa makina ngati PlayStation 5, Xbox kapena Nintendo Switch chimadutsa mfundo zinayi chisanafike kwa woonera. Mfundo yoyamba ili pa chingwe cha HDMI pakati pa makina a gemu ndi khadi lojambulira, limene ndi kachipangizo kolandira chithunzi n'kuchipereka ku kompyuta kudzera pa USB kapena pa bolodi ya m'kati. Yachiwiri ili pakati pa khadilo ndi pulogalamu yojambulira, imene kwa ambiri ndi OBS Studio. Yachitatu ili pamene pulogalamuyo ikupanikiza chithunzi kukhala fayilo kapena kuchitumiza pa intaneti, ndipo yachinayi ili pa pulogalamu ndi sikirini ya woonera. Pa mfundo iliyonse pali wolemba ndi wowerenga, ndipo chofunika n'chakuti awiriwo agwirizane. Sikofunika kuti njira yonse itsate mulingo umodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, popeza chingwe cha HDMI chingathe kunyamula Full pamene fayilo ili Limited, chithunzi n'kutuluka cholondola.

Pa mfundo yoyamba zipangizo zimayesa kumvana zokha. Cholandira chimatumiza mndandanda wa zimene chimatha, wotchedwa EDID, ndipo chotumiza chimaphatikiza pa chithunzi kauthenga konena mulingo umene chagwiritsa ntchito. Pamene uthengawu palibe, lamulo la HDMI limati chithunzi cha kukula kwa TV, monga 720p ndi 1080p, chiwerengedwe ngati cha mulingo wochepetsedwa. Kumvanaku kumasokonekera pamene khadi silimvera uthengawo, kapena pamene pakati paikidwa kachipangizo kogawa chithunzi ku TV ndi ku khadi, chifukwa makina a gemu angathe kumva zofuna za TV pamene khadi likuyembekezera zina. N'chifukwa chake kusankha Automatic kumagwira ntchito m'nyumba ina n'kulephera m'nyumba ina ngakhale makina ali ofanana.

Makina onse akuluakulu ali ndi posankhira mulingo pamanja. Pa PlayStation 5 pamalembedwa kuti RGB Range, pansi pa Screen and Video ndi Video Output, ndipo Nintendo Switch nayo ili ndi RGB Range m'zosankha za TV. Xbox imagwiritsa ntchito mawu ena, chifukwa pa Color space imatcha mulingo wochepetsedwa Standard ndipo wathunthu imautcha PC RGB. Pa kompyuta ya khadi la zithunzi la NVIDIA posankhira pake ndi Output dynamic range, pamene pa AMD ndi Pixel Format.

Wosewera amene amajambula gemu pa kompyuta yomwe akusewererapo ali ndi njira yaifupi. Magwero a Game Capture ndi Display Capture mu OBS Studio amatenga chithunzi m'kati mwa khadi la zithunzi chisanapite pa chingwe, ndipo pamenepo chimakhala chili RGB ya mulingo wathunthu. Zotsatira zake n'zakuti mulingo wolakwika pa chingwe cha sikirini umasokoneza zimene wosewerayo akuona koma sukhudza fayilo, ndipo munthu wotere akawonjezera mdima pa vidiyo kuti iwoneke bwino pa sikirini yakeyo, amawonongera oonera ake chithunzi chimene chinali cholondola.

Chitsanzo cha PlayStation 5 ndi khadi la USB

Mmene kusuluka kumakulira m'njira zimaoneka bwino pa chitsanzo cha PlayStation 5 yolumikizidwa ku khadi la USB, limene likudutsitsanso chithunzi kupita ku TV, pamene OBS Studio ikujambula pa 1080p ndi zithunzi 60 pa sekondi. RGB Range ili pa Automatic ndipo makina asankha kutumiza mulingo wochepetsedwa, motero kuda kwa gemu kwachoka pa 0 kupita pa 16 ndipo kuyera kwachoka pa 255 kupita pa 235. TV yawerenga molondola, choncho wosewera saona vuto lililonse pamene akusewera. Khadi nalo lasandutsa chithunzicho kukhala cha Y, Cb ndi Cr m'kalembedwe kotchedwa YUY2, n'kusunga malire omwewo a 16 ndi 235. Mpaka pano palibe cholakwika.

Vuto lalowa pa mfundo yachiwiri. M'zosankha za gwero la Video Capture Device muli mzere wa Color Range, ndipo wojambulayo wasankha Full poganiza kuti mawuwo akulonjeza chithunzi chabwino koposa. Komatu mzere umenewu sulamula khadi kuti litumize mulingo wina. Umangouza OBS Studio mmene iwerengere zimene zikubwera. Pulogalamuyo, itauzidwa kuti manambala ndi athunthu kale, siitambasula kanthu, ndipo 16 amalowa pa chinsalu chake ali 16. Pofika pa mfundo yachitatu, pamene chinsalucho chikusandutsidwa vidiyo ya mulingo wochepetsedwa, lamulo lija limagwiranso ntchito kachiwiri pa manambala opanikizidwa kale, kotero kuti 16 amasanduka 30 ndipo 235 amasanduka 218. Fayilo imatuluka ndi chizindikiro cholondola cha Limited, koma m'kati mwake gemu yonse yadzazana m'masitepe pafupifupi 189 m'malo mwa 220. Pulogalamu ya woonera ikatambasula molondola, 30 amabwerera pa 16 osati pa 0, ndipo kutuwa kumaonekera pa foni ndi pa kompyuta iliyonse.

Kukonza kwake ndiko kusintha Color Range ya gwerolo kukhala Limited, ndipo nthawi yomweyo kuda kumagwa pa 0. Pali nthawi zina pamene gwero lili kale pa Limited koma kuda kukuwerengekabe 16, ndipo zimenezi zimasonyeza kuti kupanikiza kwachiwiri kwachitikira m'khadi momwemo, limene latenga RGB ya pa HDMI ngati yathunthu pamene inali yochepetsedwa. Pamenepo posintha ndi pa mfundo yoyamba, kaya m'pulogalamu ya khadilo ngati ili ndi posankhira mulingo wolowa, kapena pa makina a gemu poika RGB Range pa Full. Wosankha njira yachiwiriyi ayenera kukumbukiranso TV imene ikulandira chithunzi chomwecho, chifukwa nayo tsopano iyenera kuwerenga mulingo wathunthu. Pa ma TV a Samsung posankhira pake ndi HDMI Black Level, pamene Low ndi wochepetsedwa ndipo Normal ndi wathunthu, ndipo pa ma TV ambiri a LG ndi Black Level, pamene Low ndi wochepetsedwa ndipo High ndi wathunthu.

Kuyeza m'malo mokhulupirira diso

Diso limazolowera msanga kuwala kumene likuona, ndipo sikirini yoyezerapo ingathe kukhala yolakwika payokha, choncho umboni wodalirika umachokera ku manambala. Njira yophweka ndiyo kuimitsa gemu pa malo amene akudziwika kuti ndi akuda bii, monga mizere yakuda ya pamwamba ndi pansi pa kafilimu ka m'gemu, kenako kusankha Screenshot (Source) pa gwerolo mu OBS Studio ndi kutsegula chithunzicho mu Paint kapena pulogalamu ina yokhala ndi chida chotolera mtundu. Manambala 0, 0, 0 amasonyeza kuti kusuluka kulibe, pamene manambala oyandikira 16, 16, 16 amatsimikizira kuti chithunzi chalowa chosatambasulidwa. Malemba oyera a pa menyu angathe kuyezedwanso chimodzimodzi, ngakhale kuti magemu ena salemba ndi kuyera kwathunthu.

Kuyeza kumeneku kuli ndi malire, chifukwa kuda kowerengeka 0 kumapezeka pa chithunzi cholondola komanso pa chithunzi chophwanyika. Kusiyanitsa ziwirizi kumafuna chinthu chotuwa pang'ono pamwamba pa kuda, ndipo magemu ambiri ali nacho pa tsamba lokonzera kuwala, pamene pamakhala chizindikiro chimene chiyenera kuoneka movutikira. Ngati chizindikirocho chikuoneka pa TV koma chasowa pa chithunzi cha OBS Studio, ndipo chida chotolera mtundu chikuwerenga 0 pamene chinayenera kukhala, ndiye kuti masitepe apansi adulidwa. Mulingo wolondola ndi umene umakwaniritsa zonse ziwiri nthawi imodzi: kuda pa 0, ndi kutuwa kwapafupi ndi kuda kukuonekabe.

Fayilo yojambulidwa kale imafunsidwa mafunso awiri osiyana, loyamba lokhudza chimene imanena za iyo yokha ndipo lachiwiri lokhudza chimene yanyamuladi. Loyamba limayankhidwa ndi ffprobe, pulogalamu yaulere imene imabwera limodzi ndi FFmpeg:

```
ffprobe -v error -select_streams v:0 -show_entries stream=pix_fmt,color_range,color_space masewera.mp4
```

Yankho la `color_range=tv` limatanthauza mulingo wochepetsedwa, la `pc` limatanthauza wathunthu, ndipo la `unknown` limatanthauza kuti fayilo ilibe chizindikiro. Funso lachiwiri limayankhidwa powerenga nambala yotsikitsitsa ya kuwala pa chithunzi chilichonse:

```
ffmpeg -i masewera.mp4 -an -vf "signalstats,metadata=print:key=lavfi.signalstats.YMIN" -f null -
```

Fayilo yabwino ya `tv` imafika pafupi ndi 16 pa malo amdima, pamene ya m'chitsanzo chija imazungulira pa 30, ndipo kuika `YMAX` m'malo mwa `YMIN` kumaonetsa 235 pa yabwino ndi 218 pa yosulukayo. Kupanikiza vidiyo kumasunthako manambalawa pang'ono, choncho chofunika ndi pamene ambiri aunjikana. Kuyezaku kuchitike pa kachidutswa kokhala ndi gemu yokha, chifukwa malemba, mafelemu ndi kamera ya nkhope zoikidwa pamwamba zili ndi kuda kwawo kolondola, kumene kungatsitse nambalayo kufika pa 16 n'kubisa vuto la gemu.

Chifukwa chotulutsira mu Limited

Mu OBS Studio muli mzere wina wa Color Range pansi pa Settings ndi Advanced, ndipo kufanana kwa dzina ndi wa pa gwero uja kwasokoneza anthu ambiri. Wa pa gwero umanena za kawerengedwe ka cholowa, pamene uwu umalamula kalembedwe ka chotuluka. Pa kuulutsa ndi pa mavidiyo opita pa intaneti, zosankha zodalirika ndi NV12 pa Color Format, Rec. 709 pa Color Space ndi Limited pa Color Range.

Chifukwa chake chili pa kachizindikiro ka biti imodzi. Mu vidiyo ya H.264 mulingo umalembedwa pa `video_full_range_flag`, ndipo malamulo a kalembedweka amati chizindikirocho chikasowa, vidiyo iwerengedwe ngati ya mulingo wochepetsedwa. Vidiyo yopita pa intaneti imadutsa m'manja ambiri, monga pulogalamu yodulira, makina a kampani amene amaipanikizanso, bulawuza ndi foni, ndipo aliyense wa amenewa angathe kutaya kapena kunyalanyaza chizindikirocho. Fayilo ya Limited siivulala chizindikiro chikatayika, chifukwa chimene wowerenga amangoganizira ndicho choona chomwe, koma fayilo ya Full imaphwanyika mdima nthawi yomweyo. Phindu la Full ndi masitepe 36 owonjezera, amene sazindikirika pa vidiyo yopanikizidwa kuti idutse pa intaneti, choncho silifanana ndi chiopsezo chakuti oonera ena aone chithunzi china ndipo ena china.

Matenda ofanana nawo

Si kusuluka konse kumene kumachokera ku 16 ndi 235. Makina amakono amatumiza chithunzi cha HDR, chimene chimasunga kuwala kwakukulu pogwiritsa ntchito kawerengedwe kena kotchedwa PQ ndi mitundu yotambalala ya Rec. 2020. Chithunzi choterechi chikajambulidwa ngati vidiyo wamba chimatuwa kwambiri kuposa cha mulingo wolakwika, mitundu n'kufooka ngati yatsala pang'ono kutheratu, koma chozindikiritsa chake n'chakuti kuda bii kumawerengekabe 0 pamene za pakati ndizo zasokonekera. Kusintha Color Range sikuchiza vutoli. Njira yachidule ndiyo kuzimitsa HDR pa makina a gemu kapena mu Windows, ndipo njira ina ndiyo kugwiritsa ntchito khadi lotha kutsitsa HDR kukhala vidiyo wamba, kapena kuuza OBS Studio, imene inayamba kulandira HDR pa mtundu wake wa 28 mu 2022, kuti gwerolo ndi la Rec. 2100 (PQ) m'kalembedwe ka P010.

Kusamvana kwa Rec. 601 ndi Rec. 709 nako kumasintha chithunzi, koma m'njira yakeyake, chifukwa kuda, kuyera ndi kutuwa zimakhala pamalo pake pamene mitundu ndiyo imapendekeka, kufiira n'kuyandikira mtundu wa lalanje kapena kuderapo, ndipo kubiriwira n'kusintha mphamvu. Palinso nthawi pamene fayilo ili bwinobwino koma kompyuta yoonerapo ndiyo ikulephera kutambasula, monga zimachitikira pa makompyuta ena a NVIDIA pamene Dynamic range ya pansi pa Adjust video color settings ili pa Limited (16-235). Fayilo ikasuluka mu pulogalamu imodzi koma n'kuoneka bwino pa foni ndi mu bulawuza, ndipo manambala ake akufika pa 16 ndi 235, chokonza chili pa kompyutayo osati pa vidiyo.

Kupulumutsa zojambulidwa kale

Vidiyo yolakwika ingathe kukhala m'gulu limodzi mwa magulu atatu, ndipo mayankho a mafunso awiri aja ndiwo amasonyeza gulu lake. Gulu loyamba ndi la fayilo imene manambala ake ali bwino koma chizindikiro n'cholakwika, monga yolembedwa `pc` pamene kuwala kwake kukuyenda pakati pa 16 ndi 235. Imeneyi imachira kwathunthu popanda kuipanikizanso, pongosintha chizindikirocho:

```
ffmpeg -i masewera.mp4 -c copy -color_range tv -bsf:v h264_metadata=video_full_range_flag=0 yokonzedwa.mp4
```

Mu DaVinci Resolve ntchito yomweyi imachitika pa Clip Attributes posintha Data Levels kukhala Video. Gulu lachiwiri ndi la fayilo yopanikizidwa kawiri ngati ya m'chitsanzo chija, imene chizindikiro chake n'cholondola koma manambala ali pakati pa 30 ndi 218. Imeneyi imafuna kutambasulidwa ndi chida cha Levels m'pulogalamu yodulira, poika kuda kolowa pa 16 ndi kuyera kolowa pa 235 pa sikelo ya 0 mpaka 255, ndipo kutambasulako kuchitike pa gawo la gemu lokha ngati pamwamba pali kamera ndi malemba. Kuda ndi mitundu zimabwerera, koma popeza masitepe 189 akufalitsidwa pa malo a masitepe 220, thambo ndi utsi wa m'gemu zingathe kuonetsa mizeremizere pamene panayenera kukhala kusintha kosalala. Kuwonjezera Contrast ndi Saturation mongoyerekeza ndi diso sikufika pa manambala enieniwa, ndipo kawirikawiri kumadula mdima uku kukusiya kuyera kuli kozilala.

Gulu lachitatu ndi la fayilo yophwanyika, imene masitepe ake a pansi pa 16 ndi a pamwamba pa 235 anadulidwa asanalembedwe. Imeneyi ilibe mankhwala, chifukwa pikiselo imene inali pa 4 ndi imene inali pa 12 zonse zalembedwa nambala imodzi, ndipo kuwalitsa vidiyoyo kumangosandutsa chigamba chakuda kukhala chigamba chotuwa chopanda kanthu m'kati. Pa kuulutsa pompopompo ngakhale magulu awiri oyambawo alibe mwayi wachiwiri, popeza oonera amalandira chithunzi nthawi yomweyo. Chifukwa cha ichi kuyeza kwa kuda ndi kwa kutuwa kwapafupi ndi kuda kumachitika kujambula kusanayambe, ndipo kumabwerezedwa nthawi iliyonse pamene TV, khadi, kachipangizo kogawa chithunzi kapena pulogalamu yoyendetsa khadi la zithunzi zasinthidwa, chifukwa kusintha kulikonse mwa kumeneku kungathe kupangitsa makina oikidwa pa Automatic kusankha mulingo wina popanda kudziwitsa mwini wake.